Pepala la pa girinihausi: yezani uta, osati nthaka

Tiyerekeze girinihausi yopindika ngati uta, ya mamita 6 m'lifupi ndi mamita 20 m'litali. Malo amene yakhalapo ndi masikweya mita 120. Pepala la pulasitiki lofunika kuti muifundike yonse, kuyambira pansi mbali iyi mpaka pansi mbali inayo, ndi kutseka kumaso ndi kumbuyo komwe, ndi masikweya mita 280. Ndiye kuti munthu amene wapita ku sitolo atawerengera malo a pansi okha abwera ndi pepala losafika ngakhale theka.

Chimene chimasokoneza n'chakuti pali miyeso itatu yosiyana, ndipo yonse imatchulidwa ndi masikweya mita. Woyamba ndi wa nthaka, uja wa 120. Wachiwiri ndi wa khungu lenileni la nyumbayo, denga lopindika pamodzi ndi makoma a kumaso ndi kumbuyo, ndipo pa girinihausi yathuyi ukungopitirira pang'ono 200. Wachitatu ndi umene wogulitsa adule pa mpukutu, ndipo ndi umenewu umene mumalipira. Wachitatuwu umakula chifukwa pepala lina limalowa m'nthaka, lina limakulungidwa pa zitsulo, ndipo lina limangotsala poti mpukutu uli ndi m'lifupi mwake mwake, simungaupemphe kuti uchepeko. Zili ngati kwa telala: nsalu mumagula potengera m'litali, m'lifupi adakonzeratu ku fakitale, ndipo chovala chopindika chimasiya tizidutswa.

Muyeso umene zonse zimayambirapo ndi kutalika kwa uta, kuchoka pamene paipi yakhudza nthaka mbali imodzi, kukwera mpaka pamsonga, kutsika mpaka pansi mbali ina. Ngati mauta aimikidwa kale, masamu aliwonse ndi otaya nthawi. Mangani kamwala ku chingwe, ponyani pamwamba pa uta, kokani kuti chingwe chigone bwino pa paipi, ikani chizindikiro mbali zonse ziwiri, kenako yezani chingwecho pansi. Chingwe chikhale chosatamuka, chifukwa cha nayiloni chopyapyala chimanama mukachikoka. Ndipo musayeze uta umodzi wokha. Mauta opindidwa pamanja, kaya pa chitsa kaya pa zikhomo zokhomedwa pansi, sabwera ofanana. Wina amatukuka, wina amagwa mapewa. Yezani woyamba, wotsiriza ndi awiri kapena atatu a pakati, mutenge wautali koposa. Kusiyana kukapitirira masentimita 10, konzani mautawo musanagule kalikonse, chifukwa pepala lidzalendewera pa uta waufupi ndipo madzi a mvula adzadikha pamenepo.

Koma nthawi yabwino yowerengera ndi pamene mauta sanapindidwe, ndipo apa mpamene masamu amafunika.

Uta ukakhala theka lenileni la bwalo lozungulira, kutanthauza kuti msinkhu wake ndi theka la m'lifupi, nkhani ndi yapafupi: chulukitsani m'lifupi ndi 1.57. Wa mamita 6 m'lifupi, wotukuka mamita 3, uta wake ndi mamita 9.42. Vuto ndi lakuti magirinihausi ambiri sali choncho, amakhala ogwa pang'ono, ndipo 1.57 uja amapereka muyeso wopitirira. Pa mauta otere pali njira yakale kwambiri, ya katswiri wa masamu wa ku Holland, Christiaan Huygens, wa m'zaka za m'ma 1600. Imafuna miyeso iwiri yowongoka basi. Woyamba ndi m'lifupi, umene tiutche `w`. Wachiwiri ndi mzere wowongoka kuchoka pa phazi la uta kufika pamsonga, umene tiutche `c`.

```
uta = (8 × c − w) ÷ 3
```

Mzere wa `c` mutha kuupeza pabwalo, wopanda makina. Khomani zikhomo ziwiri motalikirana mamita 6. Kuchoka pakati pa ziwirizo, yezani mopingasa msinkhu umene mukufuna, tinene mamita 2.7, mukhome chachitatu. Kuchoka pa chikhomo cha m'mbali kufika pa chachitatucho mupeza mamita 4.04. Chulukitsani ndi 8, mupeza 32.32. Chotsani 6, patsala 26.32. Gawani patatu, ndi mamita 8.77. Muyeso weniweni wa uta umenewu ndi mamita 8.84, choncho njirayi yaperewera ndi masentimita 7 okha. Pa uta wotere imaperewera nthawi zonse, siipitirira, ndipo kuperewerako kumakula uta ukamayandikira theka la bwalo. Onjezani masentimita 10 ndipo mwafika. Ngati girinihausi yanu ili ndi miyendo yowongoka kenako uta pamwamba, werengerani uta wokhawo motere, muwonjezepo miyendo yonse iwiri.

Tsopano onani chimene masentimita 30 a msinkhu achita. Pepala limene likufika pansi liyenera kukwiriridwa, ndipo pamafunika theka la mita mbali iliyonse, pamodzi mita imodzi. Uta wotukuka mamita 3 ufuna mamita 9.42 ndi mita imodzi, ndiye 10.42. Ngati ku sitolo kuli mpukutu wa mamita 10 m'lifupi, waperewera ndi masentimita 42, ndipo mukakamizika kugula wa mamita 12, n'kulipira pepala la mita ndi theka m'litali monse limene lilibe ntchito. Uta wotukuka mamita 2.7 ufuna 8.84 ndi mita imodzi, ndiye 9.84, ndipo mpukutu wa mamita 10 wakwana. Malo olimapo sanasinthe, akadali mamita 6 m'lifupi. Pa chifukwa chimenechi, ine ndimaona kuti ntchito iyenera kuyambira ku sitolo. Funsani kaye kuti mipukutu imene ilipo ndi ya mamita angati m'lifupi, kenako muuze wowotcherera kapena wopinda mapaipi msinkhu umene ukugwirizana ndi pepalalo. Ambiri amachita mosemphanitsa, amamanga chigoba chokongola, kenako ayambe kuzungulira Lilongwe kapena Blantyre kusaka pepala limene kulibe.

Pali mwayi winanso pa uta wa 8.84 umenewu. Mapaipi nthawi zambiri amagulitsidwa a mamita 6. Paipi imodzi ndi theka ndi mamita 9, ndipo mukachotsapo pang'ono polumikizira, mwatsala ndi uta umene tawerengerawu, bola ngati mapazi ake akuvekedwa pa zitsulo zokhomedwa pansi osati kukwiriridwa. Mapaipi atatu akupatsani mauta awiri popanda chotsala.

M'litali mulibe zovuta zambiri. Pa mamita 20 onjezani theka la mita kumaso ndi theka la mita kumbuyo, lokulungira pa uta woyamba ndi wotsiriza. Ndiye mamita 21. Kuchuluka kwa mauta pakati sikusintha muyesowu.

Makoma a kumaso ndi kumbuyo ndi amene amaiwalika. Khoma lililonse ndi masikweya mita 12 ndi pang'ono, koma palibe sitolo imene imadula pepala lopindika. Mufunika chidutswa cha makona anayi chimene khomalo lingalowemo ndi potsala pogwirira: mamita 7 m'lifupi ndi mamita 3.5 kukwera. Pa mpukutu wa mamita 10 mudula mamita 3.5 kawiri, pamodzi mamita 7. Kuphatikiza ndi 21 a denga aja ndi mamita 28, ndipo 28 kuchulukitsa ndi 10 ndi 280 uja tinayamba naye. Pa chidutswa chilichonse patsala pepala la mamita 3 m'lifupi. Limeneli sungani pa mthunzi, ndi la chitseko ndi zigamba.

Theka la mita lokwiriridwa lija anthu amaliona ngati kuwononga, ndipo ndi pomwe amayamba kuumira pepala likachepa. Koma girinihausi yopindika mphepo siimangoikankha, imainyamula. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa denga lopindika imalikokera m'mwamba, ndipo chimene chikugwira pepala ndi dothi lokhalo lili pamwamba pa mphonje yake. Ngalande ikhale yakuya masentimita 30, pafupi ndi mapazi a mauta, chakunja. Pepala litsike khoma la ngalandeyo, liyale pansi pake, kenako dothi libwerere n'kupondedwa. Mphonje ya masentimita 15 yotsindikizidwa ndi njerwa imatha kukhala bwinobwino miyezi ingapo, mpaka Mwera atayamba kuwomba mu Juni ndi Julaye, kapena kamvuluvulu wa m'chilimwe atadutsa. Pakangotseguka pamodzi, mphepo imalowa ndi kumaliza yokha.

Zonsezi tawerengera ngati kuti tikufuna kutseka nyumba yonse ndi pulasitiki. Kwa alimi ambiri kuno, sindikanalangiza zimenezo. Kutseka kotere kudachokera ku maiko ozizira, kumene mlimi akufuna kusunga kutentha. Ku Dedza kapena ku mapiri a Ntcheu m'miyezi yozizira kungathandize, koma ku Salima, ku Mangochi kapena ku Chikwawa mu Okutobala, nyumba yotsekedwa mpaka pansi imaphika mbewu. Tomato akatenthedwa kupitirira madigiri 32 mpaka 35 masana, maluwa amayoyoka osabereka, ndipo mlimi amayamba kunamizira feteleza. Chimene pulasitiki imatithandiza kwambiri kuno ndi kutchinga mvula, kuti masamba a tomato asamanyowe ndi kugwidwa chiwawu m'dzinja. Ntchito imeneyi ndi ya denga lokha. M'mbali ndi kumaso mungakhale neti.

Tiwerengerenso nyumba yomweyo motere. Tisiye mita imodzi ya m'munsi mbali iliyonse kuti ikhale ya neti. Pa uta wa 8.84 patsala mamita 6.84 a pulasitiki. Mpukutu wa mamita 8 m'lifupi ukwana, ndipo mbali iliyonse kutsala kuposa theka la mita, lokwanira kukulungira pa thabwa kapena paipi yoyenda m'litali ndi kulendewera pang'ono kuti madzi azigwera kunja kwa neti. Pulasitiki yonse tsopano ndi mamita 8 kuchulukitsa ndi 21, masikweya mita 168, m'malo mwa 280. Dziwani kuti apa pepala silikukwiriridwanso, ndiye mphamvu yonse ya mphepo ili pa thabwa la m'mbalilo ndi pa mapazi a mauta. Amenewa azikike kwenikweni.

Neti ya mthunzi imene imapezeka kawirikawiri m'dera lathu lino imabwera mu mpukutu wa mamita 3 m'lifupi ndi mamita 50 m'litali, ngakhale ilipo ya miyeso ina. Dulani mamita 21, muing'ambe pakati m'litali mwake, mupeza nsalu ziwiri za mita ndi theka. Iliyonse itseka mita imodzi ya m'mbali, masentimita 20 alowa pansi pa pulasitiki, 30 alowa m'nthaka. Kumaso ndi kumbuyo, neti ya mamita 3 ikagonekedwa chopingasa imafika msinkhu wa 2.7 n'kutsala masentimita 30 ogawana pamwamba ndi pansi, ndipo khoma lililonse lidya mamita 7. Zonse pamodzi ndi mamita 35, mpukutu umodzi n'kutsalako. Musanaing'ambe, dulani kachidutswa pakona muone ngati ikusosoka. Neti yolukidwa mokolanakolana ulusi wake suthothoka ukadulidwa, koma yowombedwa ngati thumba la feteleza imasosoka, ndipo imeneyo imafuna kupindiridwa ndi kusokedwa m'mphepete.

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa ena safotokoza. Neti ya mthunzi si neti ya tizilombo. Mabowo ake ndi aakulu, ndipo tizilombo tating'ono touluka, monga toyera tija timafalitsa matenda opotokola masamba a tomato, timadutsa popanda vuto. Neti ya tizilombo ili ndi timabowo tating'ono kwambiri, ndipo imatchulidwa ndi nambala monga 40 kapena 50 meshi, osati maperesenti. Imatchinga tizilombo koma imatchinganso mphepo, kotero ngati mwasankha imeneyo, mita imodzi ya m'mbali ndi yochepa, muikulitse. Kuwerengera kwake n'komwe kuja, mungofunsa m'lifupi mwa mpukutu wake.

Nanga ngati nyumba yonse ndi ya neti yokha, monga ya nazale ya mbande kapena ya masamba a m'chilimwe? Apa funso limasanduka lakuti nsalu zigonekedwe bwanji, poti palibe mpukutu wa mamita 3 umene ungafunde uta wa pafupifupi mamita 9. Mukazigoneka m'litali, nsalu zitatu zikupatsani mamita 9, koma misoko iwiri idyapo, ndipo sipatsala chokwirira. Pafunika zinayi za mamita 21, ndiye mamita 84. Mukaziponya chopingasa, kuchoka pansi mbali iyi kudutsa pamwamba mpaka pansi mbali ina, nsalu iliyonse ikhale mamita 9.5. Nsalu 7 zolumikizana mopitana masentimita 10 zitseka mamita 20.4, ndipo zonse ndi mamita 66.5. Njira yachiwiriyi yapulumutsa neti yopitirira mamita 17. Ilinso ndi ubwino wakuti mukayika mauta motengera m'lifupi mwa neti, msoko uliwonse umagwera pa paipi ndipo mumausokera pomwepo. Onjezani mamita 14 a kumaso ndi kumbuyo pa njira iliyonse. Ngati sitolo ikugulitsa mipukutu yathunthu yokha, njira zonse ziwiri zifuna mipukutu iwiri, koma yoyambayo imaliza mamita 98 pa 100 ndipo mpeni ukalakwa kamodzi mwagwa nayo.

Neti imatamuka, ndipo ena amadalira kutamukako kuti aguleko yochepa. Musatero. Neti yokokedwa kwambiri m'litali imafupika m'lifupi, misoko imang'ambika, ndipo mabowo akatseguka mthunzi wake umachepa. Za maperesenti sindichulutsa: ndiwo zamasamba zambiri zimachita bwino pa 30 mpaka 40, mbande zanthete zimafuna yochindikalako monga 50, ndipo ya 80 ndi yotchingira galimoto, mbewu pansi pake zimangotalika n'kuyezuka.

Muyeso ukakhala m'manja, pali kutsimikiza kuti chimene mukugula ndi chomwecho. Pepala lalikulu limabwera lopindidwa kangapo, ndiye mpukutu wa mamita 10 m'lifupi utha kuoneka ngati wa mamita awiri ndi theka. Funsani momveka kuti muyeso umene akutchula ndi wa pepala litafunyululidwa lonse. Kuchindikala kwake kumayezedwa ndi maikuloni, ndipo la girinihausi nthawi zambiri ndi 200. Maso ndi zala sizingasiyanitse 200 ndi 150, koma sikelo ingathe. Sikweya mita imodzi ya pepala la maikuloni 200 imalemera pafupifupi magalamu 184, ndiye kilogalamu imodzi imafunda masikweya mita 5 ndi theka osakwana pang'ono. Pepala lathu la masikweya mita 280 liyenera kulemera makilogalamu 51 kapena 52, ndipo la 168 lija pafupifupi makilogalamu 31. Sikelo ikaonetsa 39 pamene mumayembekezera 52, mwina pepalalo ndi la maikuloni 150, mwina ndi lalifupi. Kulemerako kukuuzaninso zoti ili si katundu wa pa kabaza.

Pa chikalata cha mpukutu payenera kulembedwa `UV`, kusonyeza kuti muli mankhwala oteteza pepala ku dzuwa. Pepala loyera la m'masitolo a zomangira, lija amayala pansi asanathire konkire kapena pansi pa udzu pofolera nyumba, nthawi zambiri lilibe mankhwalawa. Limaoneka lofanana ndipo ndi lotsika mtengo, koma padzuwa la kuno limauma n'kuyamba kuthetheka pasanathe chaka, pamene lenileni limakhala zaka zitatu kapena kuposa. Mapepala ena ali ndi mbali ya mkati, yopakidwa zoletsa madzi a nthunzi kudontha pa mbewu. Opanga amalemba pa pepala pomwepo mbali yoyang'ana mkati, choncho werengani musanalikweze, chifukwa kulitembenuza lili pamwamba ndi ntchito ya anthu ambiri.

Pepala likayamba kuwonongeka, malo amene layambira amakuuzani chimene chalakwika. Likathetheka paliponse mofanana, ndi pepala losayenera kapena lakalamba. Likang'ambika m'mizere yotsata mauta pamene pakati padakali bwino, vuto ndi mautawo. Chitsulo chimatentha kwambiri padzuwa n'kupsereza pepala pamene lakhudza, ndipo paipi ya `PVC` imawononga pepala la mtundu uwu ikakhudzana nalo nthawi yaitali. Mankhwala ake ndi kupaka msana wa uta uliwonse penti yoyera ya madzi, osati ya mafuta, kapena kumatapo tepi yofewa yopangidwira ntchitoyi. Ngati mugula tepi, muyeso wake muli nawo kale: kutalika kwa uta kuchulukitsa ndi chiwerengero cha mauta. Mauta 11 otalikirana mamita 2 pa nyumba yathuyi afuna tepi ya mamita pafupifupi 100. Mauta a nsungwi nawo amafuna kusenga mfundo zonse ndi kukulunga nsanza pamene pali waya. Mankhwala opopera okhala ndi salufa amafupikitsanso moyo wa pepala, ndiye popopera musamathire denga.

Likang'ambika m'makona kapena pamene lakhomedwa, kawirikawiri ndi kakokedwe. Pulasitiki imatamuka ikatenthedwa ndipo imabwerera ikazizira. Mukaikweza m'mawa kuli chisanu, masana idzakhwefuka n'kumakupiza pa zitsulo mpaka kubooka. Mukaikoka mwamphamvu dzuwa lili paliwombo, usiku idzafupika n'kudzing'amba pa misomali. Sankhani tsiku lopanda mphepo, funyululani pepala dzuwa litakwera pang'ono, mulisiye lifunde, kenako likwezeni ndi zingwe anthu ali mbali zonse ziwiri. Mangani kumaso ndi kumbuyo poyamba, kukokera m'litali, kenako mbali imodzi yonse kuyambira pakati kupita kumapeto, pomaliza mbali inayo. Musadule chotsala tsiku lomwelo. Pakapita masiku angapo otentha pepala limakhazikika ndipo limafuna kukokedwanso pang'ono, ndipo pamenepo mufunika mphonje yoti manja agwire.